Timizere tadzaza koma intaneti sikuyenda: zimene zimachitika pa nsanja ya netiweki madzulo

Dandaulo ili limamveka ku Area 25, ku Kawale, kwa Chinsapo ndi kwina konse kumene anthu amakhala mothithikana muno mu Lilongwe. Munthu wagula bandulo masana, foni ikuonetsa 4G, timizere ta netiweki tadzaza, koma ikangokwana 7 koloko madzulo chithunzi cha pa WhatsApp chimangozungulira osatseguka. Ena amati foni yakalamba, ena amati bandulo yotchipa ndi choncho, ena amati kampani imachita dala. Koma foni yomweyo, ndi bandulo yomweyo, pampando womwewo, imathamanga bwinobwino mbandakucha. Pakati pa madzulo ndi mbandakucha chasintha ndi chiwerengero cha anthu amene mukugawana nawo nsanja imodzi.

Ndikufuna kufotokoza mmene kugawanaku kumachitikira, chifukwa munthu akakumvetsa amadziwa ngati vuto lake likufunika kusintha nthawi kapena kusintha malo. Mankhwala awiriwa ndi osiyana, ndipo ambiri amawasokoneza.

## Nsanja imodzi, mbali zitatu

Nsanja za netiweki, zimene ena amati mathawa, nthawi zambiri zimakhala ndi timabokosi titalitali toyera pamwamba, toyang'ana mbali zitatu. Mbali iliyonse imatumikira gawo lake la dera lozungulira nsanjayo, ndipo akatswiri amaitchula sekita. Foni yanu imalumikizana ndi sekita imene yayang'ana kumene muli, osati nsanja yonse. Sekita iliyonse ili ndi mlingo wa deta umene ingathe kutumiza pa sekondi imodzi, ndipo mlingowo sukula chifukwa choti anthu achuluka. Umadalira kukula kwa mafunde a wailesi amene kampaniyo inapatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito. M'Malawi muno amene amagawa mafundewa kwa makampani monga TNM ndi Airtel ndi bungwe la MACRA.

Chitsanzo chapafupi ndi chigayo. Chigayo chimagaya matumba angapo pa ola, kaya pabwere munthu mmodzi kaya makumi anayi. Mukafika m'mawa kulibe anthu, mumathira chimanga chanu n'kunyamula ufa nthawi yomweyo. Mukafika aliyense atabwera ndi thumba lake, injini ndi yomweyo, phokoso ndi lomwelo, koma mudikira. Kusiyana kwake n'kwakuti sekita ya 4G siyembekeza kuti imalize thumba la munthu mmodzi kenako iyambe la wina. Imatapa pang'ono kwa uyu, pang'ono kwa uyo, ndipo imasankha woti imutumikire maulendo 1,000 pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake simuona mzere. Mumangoona kuti zonse zikuyenda koma mwaulesi.

Liwiro la intaneti limayezedwa ndi mamegabiti pa sekondi, amene pafoni amalembedwa Mbps. Samalani, megabiti si megabaiti imene imalembedwa MB pa bandulo. Megabaiti imodzi ndi mamegabiti 8.

Tiyerekeze kuti sekita ina ku Area 25 ikutha kutumiza mamegabiti 40 pa sekondi kwa onse pamodzi. Nambalayi ndangoisankha kuti masamu aphweke, chifukwa sekita iliyonse ili ndi mlingo wake. Mafoni olumikizidwa pa sekitayo akhoza kukhala mazana, koma ambiri ali m'thumba, sakukoka kanthu. Owerengedwa ndi okhawo amene akukoka deta pa nthawi imeneyo. Cha m'ma 5 koloko m'mawa mwina alipo awiri okha, ndiye aliyense amapeza 20 Mbps. Cha m'ma 8 koloko usiku akakhalapo 40, aliyense amatsala ndi 1 Mbps.

Tsopano taganizani za mtsikana wophunzira pa sukulu ya ukachenjede amene akufuna kutsitsa kanema wa phunziro wa 300 MB. Kuchulukitsa ndi 8, amenewo ndi mamegabiti 2,400. Pa 20 Mbps amaliza m'masekondi 120, ndiye kuti mphindi ziwiri. Pa 1 Mbps adikira masekondi 2,400, mphindi 40 zathunthu. Deta imene yadyedwa pa bandulo ndi yofanana, 300 MB. Kuchedwa pakokha sikudya bandulo. Chimene chimadya ndi pamene kutsitsako kwaduka pakati, munthu n'kuyambiranso, mamegabaiti a ulendo woyamba atapita kale.

## Chifukwa chake ndi madzulo

Lilongwe ndi mzinda umene anthu ake amasamuka kawiri pa tsiku. Masana ali ku City Centre, ku Capital Hill, ku Kanengo ndi m'misika ya ku Old Town. Dzuwa likapendeka amabwerera ku Area 23, Area 36, Area 49, ku Mtandire, ku Likuni, ndipo mafoni onse aja amakaunjikana pa nsanja za kumalo okhalako. Pamenepo nsima yadyedwa, ana agona, munthu wapeza mpata woti agwire foni.

Kuchuluka kwa anthu si nkhani yonse. Zimene amachita madzulo n'zolemera kuposa za masana. Uthenga wolemba ndi kanthu kochepa kwambiri, mauthenga mazana angapo sangakwane ngakhale megabaiti imodzi. Kanema ndiye amadya. Woonera YouTube pa 720p amafunika pafupifupi 2.5 Mbps mosalekeza, ndipo TikTok ndi Facebook zimayamba kukoka kanema wotsatira musanamufike n'komwe. Pa sekita yathu ya mamegabiti 40 ija, anthu 16 okha oonera makanema otere aimaliza yonse.

Musatenge ngati lamulo kuti kulikonse kumadzaza madzulo. Nsanja yoyang'ana msika waukulu kapena depoti ya basi ikhoza kudzaza masana n'kupepuka usiku. Pa Bingu National Stadium tsiku la mpira, anthu zikwi amasonkhana malo amodzi ndipo ngakhale kutumiza chithunzi chimodzi kumavuta. Choncho nthawi yabwino ku Mchesi sikhala yomweyo ndi ya ku City Centre.

Magetsi nawo amalowapo. Nsanja zimakhala ndi mabatire, zina ndi jenereta, kuti zipitirize kugwira ntchito magetsi akazima. Koma nsanja imodzi ikathima, mafoni onse amene anali pamenepo amathamangira ku nsanja zoyandikana nazo, zimene zinali zodzaza kale. Komanso kanema wa m'nyumba akazima, banja lonse limatembenukira ku mafoni.

## Timizere timanena zina

Apa ndi pamene anthu ambiri amasocherera. Timizere ta pakona pa foni timangokuuzani mphamvu ya mafunde amene akufika kuchokera ku nsanja. Sitinena kuti pansanjapo pali anthu angati. Kumva phokoso la chigayo bwinobwino kumangosonyeza kuti muli nacho pafupi, sikukuuzani kutalika kwa mzere. Munthu wokhala pansi penipeni pa nsanja akhoza kukhala ndi timizere todzaza usiku wonse uku intaneti ikukwawa.

Komabe mphamvu ya mafunde ili ndi gawo lake, ndipo gawo limeneli limakula kwambiri nsanja ikadzaza. Foni imene ikumva nsanja bwino imatumiziridwa deta yopanikizidwa kwambiri. Pa 4G, mafunde oyera amanyamula mabiti, tizidutswa tating'onoting'ono ta deta, 6 kapena kuposa pa kachigawo kalikonse ka funde, pamene mafunde ofooka amanyamula 2 okha, ndipo ena mwa iwo amathera poteteza uthengawo kuti usaonongeke panjira. Zikasokonekera, nsanja imabwerezanso kutumiza. Choncho anthu awiri akapatsidwa mpata wofanana ndi sekita, wokhala pamalo abwino akhoza kutulutsamo deta yochuluka katatu kapena kuposa poyerekeza ndi wokhala pamalo oipa. Zili ngati kupita kuchigayo ndi chimanga chosauma bwino. Mphindi zanu ndi zofanana ndi za mnzanu, koma ufa wotuluka ndi wochepa.

Masana zimenezi sizionekera, chifukwa mpata ulipo wambiri ndipo nsanja imangokupatsani wochuluka kuti mukwanitse. Madzulo mpata wapadera uja palibe. N'chifukwa chake kuchipinda kumene intaneti imayenda masana kumasanduka kosagwira usiku, pamene pakhonde pa nyumba yomweyo zinthu zikuyendabe pang'ono.

Pali chinanso. Nsanja zoyandikana za kampani imodzi zimagwiritsa ntchito mafunde ofanana. Zonse zikatanganidwa madzulo, foni imene ili pakati pa nsanja ziwiri imamva zonse nthawi imodzi, ngati munthu amene wakhala pakati pa mawailesi awiri otsegulidwa mokweza. Timizere timakhala tokwanira, koma uthenga sumveka bwino.

## Kuyeza kuti mudziwe vuto lanu

Musadalire timizere, chifukwa kampani iliyonse yopanga mafoni imatiwerengera mwa njira yake. Foni ili ndi nambala yeniyeni. Pa Android yambiri mumaipeza mukalowa mu Settings, kenako About phone, kenako SIM status, pamene palembedwa Signal strength. Pa mafoni ena mukhoza kuimba nambala izi, yoyamba ya Android yambiri, yachiwiri ya Samsung, yachitatu ya iPhone:

```
*#*#4636#*#*
*#0011#
*3001#12345#*
```

Si foni iliyonse imene imavomera. Ikatseguka, ingowerengani, musasinthe kanthu mmenemo. Mukufuna nambala yotchedwa RSRP, imene ndi mphamvu ya mafunde a 4G, yolembedwa ndi dBm ndipo ili ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Nambala imene ili pafupi ndi ziro ndiyo yabwino. Cha m'ma -80 ndi pabwino kwambiri, -100 ndi pakatikati, ndipo kuyambira -110 kupita ku -120 mafunde afooka. Muyeso umenewu sukwera ngati wa sikelo ya pamsika. Kusiyana kwa 10 kumatanthauza mphamvu yochuluka kakhumi. Kuchoka pa -112 kuchipinda kufika pa -102 pawindo si kusintha kwakung'ono ayi.

Kenako yezani liwiro. Tsegulani fast.com kapena Speedtest, mulembe nambala ya Mbps. Chitani zimenezi pamalo amodzi katatu, m'mawa kwambiri, masana, ndi cha m'ma 8 koloko usiku, kwa masiku awiri kapena atatu. Dziwani kuti kuyezaku kumadya deta, ndipo netiweki ikamathamanga kuyeza kumodzi kukhoza kudya mamegabaiti makumi angapo, ndiye musamangobwereza mwachisawawa. Ngati bandulo ndi yochepa, tsitsani chinthu chimene mumachifuna kale n'kuwerenga mphindi.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Tinene kuti patebulo lake kuchipinda wapeza -111 dBm nthawi zonse zitatu, ndipo liwiro ndi 7 Mbps m'mawa, 4 Mbps masana, ndi losafika 1 Mbps usiku. Pawindo la pabalaza wapeza -98 dBm, liwiro 18 Mbps m'mawa ndi 2 Mbps usiku. Manambalawa akumuuza zinthu ziwiri. Choyamba, mphamvu ya mafunde sikusintha ndi nthawi koma liwiro likugwa, ndiye kuti nsanja ikudzaza. Chachiwiri, chipinda chake chikumubera gawo lalikulu la kampata kochepa kamene watsala nako. Kusamukira pawindo sikumubwezera 18 Mbps ya m'mawa, koma 2 Mbps ndi yokwanira kumvera phunziro la pa intaneti kapena kuonera kanema pa 480p, amene amafuna kupitirira pang'ono 1 Mbps. Kanema wa 300 MB uja amusiyire mbandakucha.

Akanapeza kuti mafunde ndi amphamvu, mwina -85, koma liwiro likugwabe usiku, kuyendayenda m'nyumba sikukanamuthandiza kwenikweni. Ameneyo mankhwala ake ndi nthawi, kapena netiweki ina. Akanapeza kuti liwiro ndi lotsika nthawi zonse, ngakhale 5 koloko m'mawa, pamene mafunde ali bwino, ayambe kukayikira zina. Mwina bandulo yatha kapena ndi ya mapulogalamu ochepa okha, mwina foni ikutsitsa zinthu mwakachetechete, mwina wina akukoka pa Hotspot yake. Mwinanso vuto lili kuseri kwa nsanja, chifukwa nsanja iliyonse imalumikizidwa ku likulu la kampani ndi chingwe cha faiba kapena ndi timbale tozungulira timene mumationa pansanjapo, ndipo njira imeneyo nayo ili ndi malire. Kupitirira apo, dziko lathu lilibe nyanja yamchere, kotero intaneti yochokera kunja imadzera m'zingwe zodutsa maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Chingwe chotere chikaduka, mzinda wonse umamva nthawi imodzi, ndipo palibe windo limene lingakupulumutseni.

## Kusankha malo

Mafunde a wailesi amafooka akamadutsa m'zinthu. Malata amawabweza, khoma la njerwa kapena simenti limawameza, ndipo nyumba zambiri kuno zili ndi zonsezi kuphatikizapo mpanda wautali. Chipinda cha pakati pa nyumba, chimene mafunde ayenera kudutsa makoma awiri kapena atatu kuti afike, ndicho choipitsitsa. Pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja ndi pabwino, pakhonde n'kuposa. Kukwera kumathandizanso, ndiye nyumba za kumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi kapena wa Lilongwe, zikhoza kuvutika kuposa za kumtunda ngakhale zitatalikirana mofanana ndi nsanja.

Musaganize kuti nsanja imene mukuiona ndiyo ikukutumikirani. Ikhoza kukhala ya kampani ina. Yendani ndi nambala ya RSRP ija kuzungulira nyumba, muziima theka la mphindi pamalo aliwonse kuti ikhazikike, ndipo idzakuuzani yokha mbali yabwino.

Amene ali ndi rauta kapena mifai ali ndi mwayi, chifukwa kachipangizoko kakhoza kukhala pamwamba pawindo iwo ali pampando. Ngakhale opanda rauta akhoza kuika foni pawindo, n'kutsegula Hotspot, n'kumagwira ntchito pa laputopu patebulo. Ndi bwino kutero kusiyana ndi kukaima pamsewu usiku foni ili m'manja ikuwala, zimene sindingalimbikitse aliyense.

Malo amafunika kwambiri potumiza kusiyana ndi polandira. Nsanja ili ndi mphamvu zambiri, koma pa 4G mafoni ambiri amatulutsa mphamvu yosapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a wati imodzi. Mayi wogulitsa zovala amene akuika makanema a katundu wake pa Status, kapena munthu amene akutumiza mafomu a ntchito, amadalira kamphamvu kameneko kuti kadutse makoma kukafika ku nsanja. Ngati kulandira kukutheka koma kutumiza kukukanika, tulukani panja kaye musanaganize zina.

Nthawi zina kuyenda pang'ono, mwina kukafika kwa mnansi wa kuseri kwa msewu, kumakuikani pa sekita ina imene ili ndi anthu ochepa. Kutsegula Airplane mode kwa masekondi angapo n'kutsekanso kumachititsa foni kufunafuna nsanja mwatsopano, ndipo kumathandiza ngati inakakamira nsanja yakutali. Koma sikuchotsa munthu aliyense pamzere. Ena amasintha foni kupita pa 3G madzulo. Zikhoza kuthandiza pa mauthenga ngati 3G ya pamalopo yapepuka, koma mlingo wake ndi wochepa kuposa wa 4G, ndipo ambiri amaiwala kubwezera n'kumadandaula sabata yonse. Chothandiza kwambiri, kwa amene ali ndi foni ya masimukhadi awiri, ndi kuyesa netiweki inayo pa ola lomwelo, chifukwa kampani iliyonse ili ndi mafunde ake ndi makasitomala ake, ngakhale zitapachika zida pa nsanja imodzi. Imene ili bwino ku Area 18 ikhoza kukhala yodzaza ku Biwi, choncho yesani pakhomo panu pomwe ndi bandulo yaing'ono musanagule ya mwezi.

## Kusankha nthawi

M'madera okhala anthu, nsanja zimapepuka pakati pa usiku mpaka m'mawa anthu asanadzuke, ndipo zimakhalanso bwino chakum'mawa ambiri atapita kuntchito. Mabandulo a usiku amatchipa pa chifukwa chomwechi, nthawi imeneyo mpata umangokhala osagwiritsidwa ntchito. Musanagule, werengani maola amene banduloyo imagwira ntchito.

Sikuti mudzuke pakati pa usiku chifukwa cha uthenga uliwonse. Siyanitsani ntchito zolemera ndi zopepuka. Mauthenga olemba ndi a mawu amadutsa ngakhale pa liwiro lochepa. Zolemera ndi makanema, kukonzanso mapulogalamu a foni, ndi kusunga zithunzi pa intaneti. Zimenezi zikhoza kudikira. Mu WhatsApp, pa Storage and data, zimitsani Media auto-download kuti makanema a m'magulu asamalande kampata kanu inu mukudikira chikalata chofunika. Mu Play Store onani Auto-update apps. Pa YouTube chepetsani Quality ya kanema kufika pa 360p, amene safuna ngakhale 1 Mbps, ndipo adzayenda osaimaima pamene 720p akukanika.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi anthu amene amadikira usiku womaliza kuti atumize fomu ya sukulu kapena ya ntchito. Chikalata cha 10 MB ndi mamegabiti 80. Liwiro lotumizira likagwa kufika pa 0.2 Mbps kuchipinda madzulo, chimafuna masekondi 400, pafupifupi mphindi 7, ndipo masamba ena a pa intaneti amatopa kudikira n'kudula. Chikalata chomwecho pa 5 Mbps m'mawa chimapita m'masekondi 16. Ngati tsiku lotsekera ndi Lachisanu, tumizani Lachinayi mbandakucha.

Pali malire a zimene wogwiritsa foni angachite. Kuwonjezera mlingo wa sekita ndi ntchito ya kampani, poika mafunde ena pa nsanja, kugawa sekita, kukulitsa chingwe cha kuseri, kapena kumanga nsanja yatsopano, ndipo zonsezi zimafuna ndalama, malo ndi chilolezo. Ngati dera lanu limagwa usiku uliwonse, kadandauleni ku kampani yanu muli ndi zolemba m'manja: dera ndi chizindikiro chapafupi monga sukulu kapena msika, masiku, maola, nambala ya RSRP ndi liwiro limene munapeza m'mawa ndi usiku. Funsani nambala ya dandaulo lanu ndipo muisunge. Ngati simukhutira ndi yankho, MACRA imalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni, ndipo zolemba zomwezo mudzazifunanso kumeneko.